Momwe mungalembere lipoti la ulangizi pa kayendetsedwe ka kalasi ka mphunzitsi watsopano

Malipoti ambiri amene aphunzitsi akale pantchito amalemba okhudza anzawo atsopano amakhala ndi mawu ngati awa: "Amakonzekera bwino, koma akulephera kusunga mwambo m'kalasi. Ayesetse kukhwimitsa malamulo." Mphunzitsi watsopanoyo akawerenga amadziwa kuti simunakhutire naye, koma sadziwa chimene achite mawa belu likalira. Phokosolo analimva yekha inu musanamuuze. Chimene iye sangathe kuona ali kutsogolo ndi pamene phokosolo linayambira ndiponso chimene iye anachita mphindi imodzi lisanayambe. Lipoti lanu liyenera kumuonetsa zimenezo.

Malangizo awa ndi a inu amene mwapatsidwa mphunzitsi watsopano kuti mumuthandize, ndipo mukuyenera kulemba lipoti la momwe akuyendetsera kalasi yake. Njira yake ili ndi magawo anayi: kukambirana musanalowe m'kalasi, kuonerera phunziro, kukambirana pambuyo pake, kenako kulemba. Siyachilendo ayi. Robert Goldhammer ndi Morris Cogan, amene ankaphunzitsa aphunzitsi ku America, anaifotokoza mwatsatanetsatane chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960 ndi kumayambiriro kwa m'ma 1970, ndipo ikugwirabe ntchito mpaka pano.

Musanalowe m'kalasi

Khalani naye pansi dzulo lake, ngakhale kwa mphindi khumi zokha. Choyamba mumuuze mosabisa amene adzawerenge lipotilo. Ngati lidzapita kwa aphunzitsi aakulu, kapena lidzagwiritsidwa ntchito poganiza zomukhazikitsa pantchito, adziwe lero. Munthu amene anauzidwa kuti "tingothandizana basi" kenako n'kupeza pepala lake mu ofesi sadzakuuzaninso vuto lake lenileni, ndipo ulangizi wanu wathera pomwepo.

Chachiwiri mufunseni kuti: "Aphunzitsi, ndi nthawi iti m'phunziro imene imakuvutani kwambiri?" Kawirikawiri amadziwa ndithu. Wina anena kuti poyamba ana sakhazikika, wina anena kuti akangowaika m'magulu zonse zimasokonekera. Gwirizanani chinthu chimodzi kapena ziwiri zimene mukayang'ane. Mukalowa ndi mtima woona chilichonse, kuyambira kalembedwe ka pabolodi mpaka kafunsidwe ka mafunso, mutuluka ndi mndandanda wautali umene suthandiza munthu. Mupempheninso akuonetseni chikonzero cha phunzirolo kuti mudziwe pamene akuganiza zosintha ntchito, chifukwa pamenepo ndi pamene maso anu ayenera kukhala tcheru.

Gwirizananinso kuti inu simulowererapo. Mwana akayamba zachibwana inu n'kumudzudzula kuchokera kumbuyo, ana onse aphunzira tsiku lomwelo kuti mphamvu zili ndi inu, osati ndi mphunzitsi wawo. Lowererani pokhapokha wina ali pafupi kuvulala.

Zoyenera kulemba muli m'kalasi

Fikani ana asanalowe kapena belu lisanalire, chifukwa mphindi zisanu zoyamba zimanena zambiri. Khalani kumbuyo chakumbali, pamene mukuona nkhope za ana ena komanso mphunzitsi. Mukhale ndi wotchi ndi mapepala awiri.

Pepala loyamba ligaweni katatu chotsika. Kumanzere lembani nthawi, pakati chimene mphunzitsi wanena kapena wachita, kumanja chimene ana achita. Mawu a mphunzitsi, makamaka akamapereka malangizo a ntchito, alembeni ndendende momwe wawanenera. Musalembe kuti "malangizo sanali omveka". Lembani mawu akewo, adzadziwerengera yekha. Pepala lachiwiri jambulanipo mwachidule mmene ana akhalira, mizere ndi madesiki, ndipo muzichonga malo amene mphunzitsi waima komanso malo amene chisokonezo chabuka. Maina a ana musalembe. "Mwana wa mzere wachitatu chakuzenera" akwanira, pakuti lipoti limadutsa m'manja mwa anthu ambiri ndipo silikunena za mwanayo.

Pakapita mphindi zisanu zilizonse, yendetsani maso kalasi yonse kuchokera mbali ina kufika mbali ina, muwerenge ana amene sakuchita chimene auzidwa, mulembe chiwerengerocho pambali pa nthawi. Kuwerenga kotere sikukhala kolondola kwenikweni. Mwana woyang'ana padenga akhoza kukhala akuganiza za funso, ndipo wowerama pakope akhoza kukhala akujambula zake. Komabe mukaika ziwerengero zisanu ndi ziwiri kapena zisanu ndi zitatu motsatizana, mumaona pamene kalasi inatayika ndi pamene inabwerera, ndipo izi zimaposa kutali kungonena kuti "ana ambiri sankamvetsera".

Pali chifukwa chimene ndikulimbikira za chimene chachitika chisokonezo chisanayambe. Jacob Kounin, wofufuza wa ku America, anajambula makalasi ambiri pa kanema n'kufalitsa zimene anapeza mu 1970. Anayamba ndi maganizo akuti aphunzitsi oyendetsa bwino kalasi ali ndi njira yapadera yodzudzulira ana, koma sizimene anapeza. Kusiyana kunali pa zimene ankachita vuto lisanakule: ankaonetsa ana kuti akudziwa zimene zikuchitika mbali zonse za chipinda, ankatha kuthandiza gulu limodzi maso ali pa ena, ndipo ankachoka pa ntchito ina kupita pa ina popanda kusiya mpata woti ana asowe chochita. Choncho mukamva phokoso, musathamangire kulemba momwe mphunzitsi wakalipira. Bwererani m'mwamba pa pepala lanu muone mzere umene munalemba phokosolo lisanayambe.

Chitsanzo cha phunziro limodzi

Tiyerekeze kuti kalasi ili ndi ana 48, phunziro ndi la mphindi 40, ndipo mphunzitsi anakuuzani dzulo kuti ntchito ya m'magulu ndi imene imamuvuta. Pepala lanu likhoza kuoneka motere.

Nthawi ya 8:00 belu lalira, ana akulowa, mphunzitsi akulemba mutu wa phunziro pabolodi atafulatira kalasi. Nthawi ya 8:04 watembenuka, wanena kuti "Chete!" katatu, phunziro layamba. Kuyambira 8:04 mpaka 8:14 akufotokoza ndi kufunsa mafunso, ndipo pa 8:10 ana osatsatira ndi asanu okha. Pa 8:14 wanena kuti: "Tsopano khalani m'magulu a anthu asanu ndi mmodzi." Ana onse aimirira, akukoka mipando, akuitana anzawo. Mphunzitsi akupitiriza kulankhula mkati mwa phokosolo: "Mutsegule tsamba 32, muyankhe funso loyamba mpaka lachinayi, musankhe mlembi." Pa 8:17 wayamba kugawa mabuku yekha, gulu ndi gulu. Pa 8:19 magulu atatu akumbuyo akufunsa kuti ndi tsamba liti. Pa 8:21 gulu lomaliza lalandira mabuku, ntchito yayamba. Pa 8:25 osagwira ntchito ndi 14, ambiri ali kumbuyo chakumanja. Kuyambira 8:23 mpaka 8:31 mphunzitsi waweramira gulu limodzi lakutsogolo, msana uli ku kalasi yonse. Pa 8:35 osagwira ntchito afika 20, pakuti magulu awiri amaliza ndipo sanauzidwe chochita akamaliza. Pa 8:36 wakalipira mwana wina amene wasekedwa ndi anzake, pamene amene anaponya pepala ndi wa pambali pake.

Munthu wongodutsa pakhonde anganene kuti mphunzitsiyu ndi wofewa ndipo ana samuopa. Pepala lanu likunena zina. Pamene ankafotokoza, ana 43 mwa 48 ankamutsatira, ndiye kuti mawu ake amamveka ndipo ana amamulemekeza. Kalasi inatayika pa 8:14, ndipo chifukwa chake ndi dongosolo la mawu: anawauza kuti asunthe asanawauze ntchito. Mwana akangomva kuti "khalani m'magulu", maganizo ake amathamangira kwa mnzake amene akufuna kukhala naye, ndipo zonse zonenedwa pambuyo pake zimangopita ndi mphepo. Kuchokera pamenepo zina zonse zinangotsatana. Akumbuyo sanamve tsamba, anayamba mochedwa, mphunzitsi sanawaone chifukwa anawafulatira, ndipo pamene ankatembenuka atatopa kale anadzudzula mwana wosalakwa. Kudzudzula wosalakwa kumeneku musakunyalanyaze, chifukwa kumauza ana kuti aphunzitsi saona zimene zikuchitika, ndipo mawa adzayesa zochulukirapo.

Werenganinso nthawi. Mphindi zinayi zinapita poyamba, zisanu ndi ziwiri posintha ntchito. Zonse pamodzi ndi 11 mwa 40, kupitirira gawo limodzi mwa magawo anayi a phunziro. Chiwerengero ngati ichi mphunzitsi sangakangane nacho, ndipo sichimunyoza.

Kukambirana musanalembe

Musalembe lipoti musanalankhule naye, ndipo musachedwe. Tsiku lomwelo ndi bwino, mawa lake ndiye polekezera, phunziro likadali m'mutu mwa nonse awiri. Pezani malo oduka mphepo, osati pamaso pa aphunzitsi anzake, ndiponso osati pakhomo la kalasi ana akumva.

Muyambe ndi iye. Funso loti "Mwaliona bwanji phunziro lija?" nthawi zambiri limangobweretsa yankho loti "linali bwinoko" kapena "ana aja ndi ovuta". Ndi bwino kumuikira pepala lanu patsogolo, kuloza pa 8:14 mpaka 8:21, n'kumufunsa kuti: "Apa mukuganiza kuti chinachitika n'chiyani?" Mukatero khalani chete mumudikire. Aphunzitsi ambiri atsopano akaona mawu awo atalembedwa pafupi ndi zimene ana anachita amalitulukira okha vutolo, ndipo chimene munthu watulukira yekha sachiiwala msanga.

Kukambiranaku kumakupulumutsaninso ku zolakwa zanu. Mwina anakhalitsa pa gulu lakutsogolo lija chifukwa muli mwana wovutika kumva amene inu simumudziwa. Mwina mabuku anagawa yekha chifukwa sabata yatha ana anang'ambirana. Zifukwa zotere sizifafaniza zimene munaona, koma zimasintha malangizo amene mupereke, ndipo ziyenera kulowa mu lipoti.

Kulemba lipotilo

Tsamba limodzi kapena awiri akwanira. Pamwamba lembani tsiku, kalasi, phunziro, chiwerengero cha ana, kutalika kwa nthawi imene munakhalamo, ndi chimene munagwirizana kuti muyang'ane. Onjezani chilichonse chachilendo cha tsikulo, monga ngati linali phunziro lomaliza ana atatopa kapena panali ana a kalasi ina amene anaphatikizidwa. Wowerenga amene sanalimo ayenera kudziwa kuti ichi ndi chithunzi cha phunziro limodzi.

Kenako zimene zikuyenda bwino. Apa alangizi ambiri amachita ulesi, amangolemba kuti "ndi wakhama ndi wokonda ana" pofuna kufewetsa zimene zikubwera. Mphunzitsi amazindikira kuti awa ndi mawu ongomunyengerera ndipo amawadumpha. Zabwino zimafunika umboni wofanana ndi wa zofooka, chifukwa munthu watsopano nthawi zambiri sadziwa chimene akuchita bwino, ndiye akhoza kuchisiya. M'chitsanzo chathu mungalembe kuti:

"Pa mphindi khumi zofotokoza, ana osatsatira anali asanu mwa 48. Aphunzitsi ankafunsa funso kaye, n'kudikira pang'ono, kenako n'kutchula woyankha, zimene zinachititsa kuti ana onse akhale okonzeka. Apitirize kutero."

Gawo la zofunika kukonza lilembeni motsatira dongosolo ili: chimene chinachitika, chimene chinatsatira, ndi chimene mukuganiza kuti ndiye gwero lake. Ziwiri zoyambazo ndi zimene munaona, chachitatu ndi maganizo anu, ndipo zisiyanitseni kuti zioneke choncho.

"Kusintha kuchoka pa kufotokoza kupita ku ntchito ya m'magulu kunatenga mphindi zisanu ndi ziwiri, kuyambira 8:14 mpaka 8:21. Ana anauzidwa kukhala m'magulu asanauzidwe ntchito, ndipo malangizo anaperekedwa ana akusuntha mipando. Magulu atatu mwa asanu ndi atatu anafunsanso tsamba. Ndikuona kuti phokoso la pambuyo pake linachokera apa, osati pa kusamvera kwa ana."

Onani kuti mulibemo mawu onena za khalidwe la munthu. Mawu monga "wofooka", "wamantha", "wopsa mtima msanga" kapena "alibe ulamuliro" asapezeke mu lipoti. Amapweteka, amakhalitsa m'mafayilo zaka zambiri munthu atasintha kale, ndipo palibe amene angadzuke mawa n'kusiya kukhala wamantha chifukwa choti wawerenga pa pepala. Njira yodziyesera ndi iyi: chiganizo chilichonse mudzifunse ngati munthu wina amene akanakhala pambali panu ndi wotchi yake akanalemba zomwezo. Ngati ayi, ndiye kuti ndi maganizo anu, ndipo muyambe ndi "ndikuona kuti" kapena muchichotse.

Tsopano zoyenera kuchita. Apa ndi pamene mtima wofuna kuthandiza umatisocheretsa. Pa pepala lanu pali zinthu zisanu ndi chimodzi: kuyamba mochedwa, kusintha ntchito, kugawa mabuku, kufulatira kalasi, ana omaliza msanga, kudzudzula wosalakwa. Mukazilemba zonse ngati zoti akonze, sakonza ngakhale chimodzi. Munthu amene akuphunzira kumene ntchito maganizo ake amakhala atadzaza kale ndi zimene akuphunzitsa, ndipo malo otsala ndi a chinthu chimodzi kapena ziwiri. Sankhani chimene chikakonzedwa chikokera zinzake. Pano ndi kusintha ntchito, ndipo mukhoza kuonjezera malo oima, chifukwa ndi chosavuta. Zotsalazo sungani m'kope lanu za ulendo wina.

Malangizowo akhale oti munthu angathe kuwachita mawa m'mawa, ndipo inu mungathe kuona ngati wachita:

"Choyamba, asanasinthe ntchito, aphunzitsi aime pamalo amodzi, apereke chizindikiro chimene agwirizana ndi ana, ndipo adikire mpaka onse atakhala chete. Afotokoze ntchito ana akadali pamalo awo, tsamba ndi mafunso zikhale zitalembedwa kale pabolodi pamodzi ndi chochita akamaliza. Afunse mwana mmodzi wakumbuyo abwereze malangizowo. Mawu oti 'khalani m'magulu' akhale omaliza. Magulu akhale odziwika kale, ndipo gulu lililonse likhale ndi mwana mmodzi wotenga mabuku. Cholinga ndi chakuti kusinthaku kusapitirire mphindi ziwiri. Chachiwiri, pothandiza gulu, aime mbali imene nkhope yawo ikuyang'ana kalasi yonse, ndipo asakhale pa gulu limodzi kupitirira mphindi ziwiri asanadzutse maso."

Mumuchenjeze pakamwa kuti kudikira chete kumaoneka kotalika kwambiri masiku oyamba. Masekondi makumi awiri uli chiimire ana akulongolola amamveka ngati ola, ndipo ambiri amagonja n'kuyamba kulankhula mkati mwa phokoso. Akagonja kawiri katatu, ana amaphunzira kuti chizindikiro chija chilibe kanthu. Mumuuzenso kuti sabata yoyamba zinthu zikhoza kuoneka ngati zaipiraipira, poti ana amayesa kaye ngati dongosolo latsopanoli likhalitsa.

Lembaninso mbali yanu. Lipoti la ulangizi limene likungolamula mphunzitsi watsopano ndi losakwanira. Nenani chimene inu muchite ndi tsiku lake: kuti abwera kudzaonerera kalasi yanu pamene mukuika ana m'magulu, kuti muyeserera limodzi mawu a malangizo m'chipinda chopanda ana, ndi kuti mubweranso pakatha masabata awiri kudzayesa nthawi ya kusintha ntchito. Kuyeserera m'chipinda chopanda ana kumachititsa manyazi poyamba, koma ndimakulimbikitsa kwambiri, chifukwa mawu amene munthu wawatchulapo kale pakamwa amabwera okha pamene kalasi yatentha.

Pamapeto siyani malo oti iye alembe maganizo ake, ngakhale otsutsana ndi anu, ndipo nonse musaine. Mumupatse lake. Mu lipoti musakhale chinthu chimene sanachimve kuchokera pakamwa panu.

Malire a lipotili

Kupezeka kwanu m'kalasi kumasintha ana. Ena amakhala chete chifukwa amakudziwani, ena amachita dala kuti aonetse. Mphunzitsi nayenso amaphunzitsa mosiyana akadziwa kuti akuonereredwa. Ndiye musamange chigamulo chachikulu pa ulendo umodzi. Ngati lipoti likufunika kunena za kayendetsedwe kake ka kalasi mwachidule, muoneni katatu kapena kupitirira, nthawi zosiyana za tsiku, ndipo ngati amaphunzitsa makalasi angapo, m'kalasi imene amati ndi yosavuta komanso imene imamuvuta.

Muzisiyanitsanso vuto la mphunzitsi ndi vuto la sukulu. Ngati buku limodzi likuwerengedwa ndi ana ambiri, ngati chipinda n'chothina moti sangafike kumbuyo, kapena ngati ana amachedwa chifukwa phunziro limene akuchokera limadutsa nthawi, zilembeni padera ngati nkhani zopita kwa aphunzitsi aakulu. Si chilungamo kumuuza munthu kuti aziyendayenda m'kalasi imene mulibe poponda. Nthawi zinanso phokoso limachokera ku ntchito yeniyeniyo, ikakhala yovuta kwambiri kapena yophweka kwambiri. Mungadziwe izi poyang'ana m'makope a ana amene akusokoneza. Ngati alibe cholembedwa ngakhale anamva malangizo, kapena anamaliza zonse kalekale, vuto lili pa chikonzero cha phunziro, ndipo kukhwimitsa mwambo sikungathandize.

Pali zinthu zina zimene sizidikira lipoti la ulangizi. Mukaona mphunzitsi akumenya mwana, akumunyoza pamaso pa anzake, kapena akuchita chilichonse choika mwana pachiswe, mulankhule naye tsiku lomwelo ndipo mutsate njira imene sukulu yanu inakhazikitsa yoperekera nkhani zotere. Musazibise pakati pa malangizo a kagawidwe ka mabuku.

Mukabweranso pakatha masabata awiri, tengani lipoti loyamba lija, khalani pamalo omwe aja, muyese zinthu zomwe zija. Ngati kusintha ntchito kwatsika kuchoka pa mphindi zisanu ndi ziwiri kufika pa zitatu, lembani ziwerengero zonse ziwiri moyandikana, ndipo mutenge chinthu chotsatira m'kope lanu, mwina mphindi zinayi zoyamba zija. Ngati sikunasinthe, yang'anani sitepe imene ikudumphidwa musanaonjezere malangizo ena. Kawirikawiri imakhala ya kudikira kuti ana akhale chete, ndipo imeneyo ndi imene muyesererenso limodzi sabata imeneyo.